Malonda atsika, ngongole ikundipana: ndilembe chiyani kwa manijala wa banki?

Funso: Ndili ndi shopu ya simenti, malata ndi misomali pa Mponela. Ndinatenga K12,000,000 ku banki, yobweza miyezi 36 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti, ndipo mwezi uliwonse amadula K509,419. Ndabweza miyezi 14 osaphonya, koma ya Malichi ndinachita kubwereka kwa alamu anga. Malonda atsika kwambiri chiyambire Januwale. Ndikufuna kulembera manijala kuti andichepetsere zobweza pamwezi. Ndalumikiza sitetimenti ndi masamba a buku langa la malonda. Ndilembe bwanji kuti andimvere?

Yankho: Bambo, kalatayi ipite sabata ino, lisanafike tsiku lodula la Epulo. Ndinakhalapo zaka zingapo pa desiki ya ngongole, ndipo ndikuuzeni kuti kalata ya munthu amene sanaphonyepo imawerengedwa ndi maso ena, ya munthu amene waphonya kale miyezi iwiri ndi maso enanso. Chifukwa chake si chifundo ayi. Ngongole ikafika masiku 90 osalipidwa, banki imayenera kuilemba m'gulu la ngongole zosayenda, n'kupatula ndalama zake pambali zotchingira kutayikako. Pamenepo faelo yanu imachoka m'manja mwa anthu okambirana n'kupita kwa anthu olonjerera, ndipo dzina lanu limakhala litada kale ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, kumene mabanki onse amasuzumira. Inu mudakali kutali ndi zimenezo. Miyezi 14 yosaphonyayo ndiye katundu wamkulu amene muli naye pa nkhaniyi.

Chachiwiri, ngakhale kalata mulembera manijala wa nthambi, nthawi zambiri iye si amene adzavomere kapena kukana. Ofisala wa ngongole adzatenga kalata yanu, alembepo lipoti lake, manijala asayine, zonse zipite ku likulu kwa anthu amene sanakuonenipo ndipo sanafikepo pa Mponela. Iwo sadziwa kuti ndinu munthu wopemphera kapena kuti mumapereka moni mwaulemu. Amaona manambala, n'kuwayerekeza ndi sitetimenti. Choncho lembani kalata imene ofisalayo angakoperemo manambala osasinthako kanthu, osaopa kuti bwana wake akamugwira bodza.

Tsono ndawerenga mapepala anu, ndipo ndiyambire pa chimene ngongoleyi ili lero. Mutabweza ka 14, mpamba wotsala ndi K8,540,620. Chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka ndi 2.5 peresenti pamwezi, ndiye kuti pa ndalama imeneyi chiwongoladzanja chokha cha mwezi umodzi ndi K213,516. Nambala imeneyi muisunge pamtima, chifukwa ndiyo pansi penipeni. Kaya banki italikitse nthawi motani, zobweza pamwezi sizingatsike kupyola apa pokhapokha mpamba utachepa. Anthu ambiri amalemba kuti "ndingakwanitse K200,000 pamwezi" osadziwa kuti akupempha chinthu chimene chingachititse ngongole kukula mwezi ndi mwezi. Ofisala akaona pempho lotero amadziwa kuti wolembayo sanawerengere, ndipo amayamba kukayikira manambala ena onse a m'kalatamo. Musanalembe, pitani pa kauntala mukapemphe sitetimenti ya ngongoleyo, osati ya akaunti yokha, kuti nambala ya mpamba wotsala ikhale yawo yeniyeni. Ikhoza kusiyana pang'ono ndi yangayi chifukwa iwo amawerengera masiku.

Kenako malonda. M'buku mwanu Januwale munagulitsa K7,400,000, Febuluwale K6,700,000, Malichi K6,900,000. Pakatikati pake ndi K7,000,000 pamwezi. Apa pali msampha umene ogulitsa zomangira amagweramo kawirikawiri: kuyerekeza miyezi ya dzinja ndi ya chilimwe. Aliyense ku banki amadziwa kuti mvula ikagwa anthu amasiya kumanga, ndalama zimapita ku feteleza ndi fizi, ndipo malata amayamba kuyenda fodya ndi soya zikagulitsidwa. Mukalemba kuti Okutobala munagulitsa zambiri, Febuluwale zochepa, adzakuyankhani kuti zimenezo munkazidziwa tsiku limene munkasayina ngongole. Yerekezani Januwale ndi Januwale mnzake. Mwamwayi buku lanu likupirira mayeso amenewa: miyezi itatu yomweyi chaka chatha munkagulitsa K9,600,000 pamwezi, ndiye kutsika kwake ndi K2,600,000, kapena kuti 27 peresenti. Imeneyo si mvula.

Nanga ndi chiyani? Funso limeneli ndilo mtima wa kalata yonse, chifukwa chimene chagwetsa malonda ndicho chimakuuzani chimene muyenera kupempha. Mawu akuti "chuma chavuta" kapena "kwacha yagwa" musawawerengere. N'zoona kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense woitanitsa katundu anapsa nazo, koma zimenezo zinagwera makasitomala onse a bankiyo, kuphatikizapo amene akubwezabe bwinobwino. Chofunika ndi chimene chinachitika m'shopu mwanumo. Ndikayang'ana masamba anu ndikuona zinthu ziwiri. Pali kontirakitala mmodzi amene dzina lake limabwera sabata iliyonse chaka chatha chonse, akutenga katundu wa pafupifupi K1,900,000 pamwezi, ndipo kuyambira Disembala sakuonekanso. Munalemba m'mphepete kuti midadada ya sukulu imene ankamanga inatha. Ndiyeno pali masabata a Febuluwale ndi Malichi amene simunagulitse thumba la simenti ngakhale limodzi chifukwa kopikula kunalibe. Zimenezo ndiye K700,000 yotsalayo.

Ziwirizi si zofanana. Simenti idzabwera, limenelo ndi vuto lodutsa. Kontirakitala sadzabwera, pokhapokha mutapeza wina. Ndiye kuti pa K2,600,000 imene yasowa, yaikulu yapita ndithu, ndipo shopu yanu tsopano ndi ya K7,000,000 kapena kuposerapo pang'ono, osati ya K9,600,000. Vuto lodutsa mankhwala ake ndi kupuma miyezi ingapo. Vuto lokhalitsa mankhwala ake ndi kutalikitsa nthawi kuti zobweza zitsike mpaka kumapeto. Amene amapempha kupuma miyezi itatu pamene vuto lawo ndi lokhalitsa amabweranso mwezi wachinayi ali m'dzenje lomwelo, ndipo pempho lachiwiri limavuta kwambiri kuposa loyamba.

Tiyeni tione chimene shopu ikutsala nacho. Phindu lanu pa katundu likuzungulira 15 peresenti. Pa K9,600,000 linali K1,440,000. Mukachotsa zolipira za mwezi za K700,000 munkatsala ndi K740,000, ndipo K509,419 inkatuluka popanda thukuta. Pa K7,000,000 phindu ndi K1,050,000, mukachotsa K700,000 yomwe ija mwatsala ndi K350,000. Kuperewera kwake ndi K159,419 mwezi uliwonse, ndipo n'chifukwa chake munakagogoda kwa alamu. Miyezi ina ija munkatseka dzenjeli podya mpamba, kutanthauza kuti munkapikula katundu wochepa kuposa amene mwagulitsa. Mashelefu akamapepuka malonda amatsikanso, ndipo zikatero shopu imadzidya yokha.

Tsono njira zilipo zitatu, ndipo ndaziwerengera pa chiwongoladzanja chomwechi. Yoyamba ndi kutalikitsa miyezi 22 yotsalayo kuti ikhale 36. Zobweza zimatsika kufika K362,563 pamwezi. Mtengo wake ulipo: mukanapitiriza monga kale mukanalipira K11,207,218 yonse pamodzi, koma tsopano mudzalipira K13,052,268, kuwonjezera K1,845,050. Mwina mukuti bwanji osapempha miyezi 48 kuti mupume bwino? Pa miyezi 48 zobweza ndi K307,513, kutsika ndi K55,000 yokha, koma zowonjezera zimafika K3,553,406, pafupifupi kawiri. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, chaka chilichonse chimene mwawonjezera chimakupumitsani pang'ono n'kukudyerani zambiri.

Yachiwiri ndi kulipira chiwongoladzanja chokha, K213,516, kwa miyezi inayi, kenako K390,890 kwa miyezi 32. Imeneyi imakupatsani mpata wobwezeretsa katundu m'mashelefu nyengo yomanga isanafike, koma zobweza za pambuyo pake zimakwera ndipo zowonjezera zonse ndi K2,155,326. Yachitatu, imene aliyense amailota, ndi kusalipira kalikonse miyezi inayi. Musaipemphe. Chiwongoladzanja sichigona, chimaunjikidwa pa mpamba, ndipo mwezi wachisanu mudzapeza ngongole ili pafupifupi K9,427,000, ngati kuti miyezi yambiri imene munabweza ija munkathira madzi m'dengu.

Koma taonani vuto: ngakhale njira yoyamba ija, K362,563, ikuposa K350,000 imene mukutsala nayo. Kalata ikapita chonchi ikanidwa, ndipo moyenera. Banki imafuna kuona kuti ndalama yotsala ikuposa zobweza ndi malo opumira, osati ndendende. Ofisala aliyense amagawa ziwirizi, ndipo akapeza zosafika 1.2 kapena chapompo amayamba kukanda mutu. Ndiye musanapemphe kanthu, muyenera kudula kwanu. Pa K700,000 ija muli lendi ya shopu K180,000, malipiro a antchito K260,000, mayendedwe, magetsi ndi za khonsolo K140,000, komanso K120,000 ya chipinda chosungiramo katundu kuseri kwa msika. Chipindacho munachitenga chifukwa cha katundu wa kontirakitala uja. Chibwezeni. Zolipira zitsika kufika K580,000, mutsala ndi K470,000, ndipo mukagawa ndi K362,563 mupeza pafupifupi 1.3. Pa njira yachiwiri ndi 1.2 ndendende, yothina koma yotheka. Kalata imene munalembera mwini chipinda yomudziwitsa kuti mukutuluka ikhale imodzi mwa zolumikiza. Mawu akuti "ndichepetsa zolipira" aliyense amalemba. Kalata ya kwa landilodi ndi ochepa amabwera nayo.

Chinthu china chimene chingakugwetseni ndi ichi. Buku likuti Malichi munagulitsa K6,900,000, koma sitetimenti ikuonetsa kuti mu akaunti munalowa K5,300,000 yokha. Ine ndikudziwa kumene K1,600,000 inapita: ina inalowera pa Airtel Money ndi Mpamba, ina munalipira pamanja kwa a lole ndi kopikula osadutsa ku banki. Koma wa ku likulu akaona mpata wotero amaganiza chimodzi mwa ziwiri: mwina buku ndi lokometsera, kapena mwatsegula akaunti ku banki ina n'kumabisako ndalama. Zonse ziwiri n'zoipa. Nenani nokha iwo asanafunse, ndipo mulumikize sitetimenti za pa foni ndi malisiti a kopikula.

Ndimakumbukira bambo wina wachigayo amene anabwera ndi kalata ya masamba atatu, yolembedwa bwino pamanja, yonena za maliro awiri, za magetsi ozimazima ndi za mwana wa ku koleji. Zonsezo zinali zoona, ndinkawadziwa. Koma munalibe nambala ngakhale imodzi kupatula ya akaunti. Ndinawafunsa kuti pa tsiku amagaya matini angati. Anatulutsa m'thumba la jekete kabuku ka mwana wasukulu kodetsedwa ndi ufa, momwe mnyamata wa pachigayo ankalemba mizere, mzere umodzi tini imodzi, ndipo masiku opanda magetsi ankangojambula mtanda. Tinakhala pansi n'kuwerenga mitandayo mwezi ndi mwezi. Lipoti langa lonse linachokera m'kabuku kameneko, ndipo masamba atatu aja sindinatengemo chiganizo n'chimodzi chomwe.

Nayi tsono kalata yanu. Ndailemba m'Chichewa kuti muimve bwino ndi kuikonza. Mafaelo a ngongole amayenda m'Chingerezi, ndiye mukakhutira nayo muimasulire kapena wina akumasulireni, koma manambala muwaonenso nokha limodzilimodzi akamaliza kutayipa. Pamwamba muike dzina la bizinesi, keyala, foni ndi tsiku.

Kwa a Manijala, Nthambi ya ……

Okondedwa a Manijala,

PEMPHO LOKONZANSO NDONDOMEKO YOBWEZERA NGONGOLE NAMBALA ……, AKAUNTI NAMBALA ……

Ndikupempha kuti miyezi 22 yotsala pa ngongole yanga italikitsidwe kufika miyezi 36, kuyambira ndi malipiro a mwezi wa Epulo, kuti zobweza pamwezi zitsike kuchoka pa K509,419 kufika pafupifupi K362,563 pa chiwongoladzanja chimene chilipo cha 30 peresenti.

Ndinatenga K12,000,000 ndipo ndabweza miyezi 14 yonse pa nthawi yake. Mpamba wotsala ndi K8,540,620. Pakadali pano ndilibe zotsalira, koma malipiro a Malichi ndinawakwanitsa ndi K160,000 yobwereka kwa wachibale, ndipo a Epulo sindiwakwanitsa onse.

Malonda a Januwale, Febuluwale ndi Malichi chaka chino anali K7,400,000, K6,700,000 ndi K6,900,000, pakatikati K7,000,000 pamwezi. Miyezi yomweyi chaka chatha anali K9,600,000 pamwezi. Atsika ndi K2,600,000, yomwe ndi 27 peresenti. Pa ndalamayi, K1,900,000 inkachokera kwa kontirakitala mmodzi amene ntchito yake inatha mu Disembala, ndipo sindikuiwerengeranso. K700,000 yotsala ndi ya kusowa kwa simenti kopikula mu Febuluwale ndi Malichi.

Pa malonda a K7,000,000 phindu ndi K1,050,000. Zolipira pamwezi zinali K700,000. Ndabweza chipinda chosungiramo katundu cha lendi ya K120,000, choncho kuyambira Meyi zikhala K580,000. Bizinesi izitsala ndi K470,000 pamwezi, yokwanira kubweza K362,563. Zofunika pakhomo zimachokera pa malipiro a mkazi wanga, osati m'bizinesi.

Ndalama zolowa mu akaunti zikuchepera pa malonda a m'buku (Malichi: K5,300,000 pa K6,900,000) chifukwa zina zimalandiridwa pa foni ndipo zina zimalipiridwa pamanja kopikula. Ndalumikiza umboni wake, ndipo kuyambira mwezi uno malonda onse azidutsa mu akaunti imeneyi.

Ngati njira imeneyi singatheke, ndikupempha kulipira chiwongoladzanja chokha, K213,516, kwa miyezi inayi, kenako K390,890 kwa miyezi 32. Chikole chimene muli nacho chikhala chomwecho. Podikira yankho lanu, pa tsiku lodula la Epulo mu akaunti mudzakhala K362,563. Ndili wokonzeka kubwera kudzakambirana kapena kulandira ofisala wanu ku shopu tsiku lililonse.

Ine wanu, ……

Zolumikiza: masamba a buku la malonda a miyezi 15, sitetimenti za pa foni, malisiti a kopikula, mndandanda wa katundu amene ali m'shopu, kalata ya kwa mwini chipinda.

Mwaona kuti pempho lili m'chiganizo choyamba. Ofisala amakhala ndi mulu wa mafaelo, ndipo kalata imene imayamba ndi mbiri ya mmene munayambira bizinesi imaikidwa pambali kuti aiwerenge akapeza nthawi. K160,000 ya alamu ndangoiyerekeza ndi kuperewera kuja. Muikepo imene munabwerekadi. Ena angakuuzeni kuti nkhani ya alamuyo muibise. Ine ndikuti ilembeni, chifukwa ndiyo ikufotokoza chifukwa chimene munthu wosaphonyapo akupemphera thandizo, ndiponso a banki akhoza kuiona okha ndalamayo pa sitetimenti. Chimodzimodzi ngati muli ndi ngongole ina, kaya ku banki mkhonde, kaya ku bungwe lobwereketsa, kaya katundu wapangongole kopikula: itchuleni ndi nambala yake. Yakubungwe adzaipeza okha akafufuza mbiri yanu, ndipo akaipeza okha nkhani imasanduka ya kukhulupirika kwanu, osatinso ya malonda.

Chiganizo cha zapakhomo ndachiika chifukwa pa zolipira zanu mulibe chakudya, fizi kapena lendi ya nyumba, ndipo munalemba kuti zimenezo amasenza ndi mayi akunyumba. Ngati zoona zake n'zakuti mumatapako m'kabati ya shopu K100,000 kapena kuposa mwezi uliwonse, ndiye kuti K470,000 ija kulibe, ndipo muwerengerenso musanatumize. Kulonjeza nambala imene simungaikwanitse n'koipa kuposa kusalemba kalata, chifukwa ngongole yokonzedwanso imayang'aniridwa mwapadera, ndipo mukaphonya pa ndondomeko imene munaipempha nokha simudzakhala ndi chonena.

Sindinaikemo pempho lotsitsa chiwongoladzanja. Mukhoza kulitchula pakamwa pokambirana, koma manijala wa nthambi alibe mphamvu zambiri pamenepo. Ngongole zambiri za bizinesi zimamangidwa pa mulingo umene mabanki amalengeza mwezi uliwonse, n'kuwonjezerapo gawo la bankiyo, ndipo mulingowo umatsatira zinthu ngati chiwongoladzanja cha Reserve Bank of Malawi, chimene mu Febuluwale 2024 chinakwezedwa kufika 26 peresenti. Onani m'pangano lanu ngati 30 peresenti yanu ndi yokhazikika kapena yoyenda. Ngati ndi yoyenda, peresenti imodzi ikakwera imawonjezera pafupifupi K7,100 pa chiwongoladzanja cha mwezi, ndipo ndicho chifukwa china chosiyira malo opumira aja.

Njira yeniyeni yotsitsira zobweza popanda kutalikitsanso nthawi ndi kudula mpamba. Pa mndandanda wa katundu wanu ndaonapo matailosi ndi mapaipi amene akhala osayenda kuyambira chaka chatha. K1,000,000 iliyonse imene mungaponye pa mpamba tsiku lokonzanso ngongole imachotsa K42,452 pa zobweza za mwezi uliwonse kwa miyezi 36. Katundu wogona pa shelefu pamene ngongole yomugulira ikudya 2.5 peresenti pamwezi ndi bwino kumugulitsa pa mtengo wopikulira. Koma mulembe zimenezi m'kalata pokhapokha wogula atapezeka, ndipo mufunse kaye ngati pangano lanu lili ndi chindapusa cha kubweza msanga.

Kalatayo mupite nayo nokha, makope awiri. Imodzi adindepo chidindo cha tsiku limene ailandira, mubwerere nayo. Pemphani kuonana ndi ofisala amene amasunga faelo yanu, mumuonetse manambala pamaso, ndipo mumufunse kuti yankho limatenga nthawi yaitali bwanji ndiponso kuti tsiku lodula likafika yankho lisanabwere zikhala bwanji. Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa kalata yanu siimitsa pangano lakale. Mpaka mutasayina pangano latsopano, makina adzafunabe K509,419, ndipo mukaika K362,563 yokha, yotsalayo, K146,856, idzalembedwa ngati zotsalira, mwinanso ndi chiwongoladzanja cha chilango ngati pangano likutero. Pemphani kuti zotsalira za nthawi yodikirayi zidzaphatikizidwe mu ndondomeko yatsopano ndipo chilango chichotsedwe. Mawu a pakamwa akuti "musadandaule bwana, tikonza" musagone nawo tulo. Ofisala amasamutsidwa, ndipo wobwerayo amangoona zimene zili m'faelo. Ngati mungathe kukwanitsa K509,419 yonse mwezi umodzi wokhawu pogulitsa matailosi aja, teroni, kuti pempho likafike ku likulu mbiri ili yoyera. Koma osati ndi ndalama ya katapila. Chiwongoladzanja cha katapila cha mwezi umodzi chimatha kuposa cha banki cha chaka chonse, ndipo mungataye shopu pofuna kusangalatsa sitetimenti.

Akavomera adzakupatsani kalata ya pangano latsopano. Musasayinire pa kauntala. Pitani nayo kunyumba muone ngati chiwongoladzanja chasintha, ndalama yolipirira kukonzako ndi zingati ndipo aidula pati, inshuwalansi ya ngongole aiwonjezera nthawi pa mtengo wanji, ndiponso ngati akufuna chikole china. Ngati chikole ndi nyumba kapena malo, akhoza kufuna kuti awerengeredwenso mtengo, ndipo wolipira wowerengerayo nthawi zambiri ndi inu. Ngati pali munthu amene anakusayinirani ngati mboni yokuimirani, adzafunika kusayinanso, chifukwa iye anavomera miyezi 36 yoyamba ija, osati zaka zina zowonjezera. Mumuuze nokha lero, asadzamvere kwa a banki. Funsaninso kuti ngongole yokonzedwansoyi idzaoneka bwanji pa mbiri yanu, komanso ngati mudzaloledwe kubweza zoposa K362,563 popanda chindapusa malonda akadzuka. Chilolezo chimenecho ndicho chingakubwezereni gawo la K1,845,050 ija.

Akakana, pemphani chifukwa chake molemba. Kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zimene takambiranazi: mpata wa pakati pa buku ndi sitetimenti, kapena ndalama yotsala yochepa. Zimenezo zimakonzeka, ndipo miyezi iwiri ya malonda onse akudutsa mu akaunti imatha kusintha yankho. Kukadandaula ku Reserve Bank n'kotheka ngati akudulani ndalama zosagwirizana ndi pangano kapena akukana kukupatsani sitetimenti, mutayamba mwadandaula ku bankiyo, koma kukonzanso ngongole ndi kufuna kwa banki, palibe angaikakamize. Ngati atakanitsitsa ndipo manambala akukanadi, kambiranani zoti mugulitse nokha china mwa katundu wanu n'kudula mpamba nkhani isanafike kwa maloya ndi masherifu, chifukwa katundu wogulitsidwa pa okushoni sapeza mtengo umene mwini wake angaupeze, ndipo zolipira maloya zimaunjikidwa pa ngongole yanu yomweyo.

Buku lija mupite nalo lenilenilo, osati mafotokope okha, ndipo tsamba la Febuluwale limene munalemba "simenti palibe" masiku otsatizana mulipinde pakona kuti musavutike kulipeza ofisala akafunsa.